Makalata a Omvera: Wina Mawu Akumuthawa, Wina Mawu Ndi Ambiri Koma Sakumveka

"Zikomo aulutsi. Amuna anga anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka. Akafuna kuyankhula amangoti 'iyayi, iyayi', kapena liwu limodzi lotuluka movutikira, kenako n'kumenya bedi ndi dzanja lamanzere, misozi ili lengelenge. Koma nyimbo yomwe amaidziwa akaimva amaimba nawo bwinobwino. Alamu anga akuti nzeru zinawathera, tisamavutike kuwauza za pakhomo. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ana atatu."

Mayi, zikomo potilembera, ndipo pepani ndi matendawa. Ndiyambe ndi alamu anuwo: akulakwitsa, ndipo ndikukupemphani kuti mawu amenewo asadzawanenenso pafupi ndi wodwalayo, chifukwa n'kutheka kwambiri kuti bambo akumva zonse. Misozi ija ndi ya munthu amene akudziwa chimene akufuna kunena koma pakamwa pakumukanika.

Vutoli madokotala amalitchula kuti afeziya, ndipo limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse amene adwala sitiroko. Mwa anthu ambiri, makamaka ogwiritsa ntchito dzanja lamanja, chiyankhulo chimakhala kumbali yamanzere ya ubongo. Mbali yomweyo ndi imene imayendetsa thupi lakumanja, n'chifukwa chake dzanja lamanja ndi mawu zimapitira limodzi. Cha kutsogolo kwa mbali imeneyi kuli kachigawo kamene kamasonkhanitsa mawu n'kuwaika pamzere kuti atuluke. Kamadziwika ndi dzina la Paul Broca, dokotala wa ku Paris amene mu 1861 anafotokoza za bambo wina yemwe kwa zaka zambiri ankangonena kuti "tan, tan" pamene zimene ankauzidwa ankazimva. Magazi akasiya kufika pamenepo, munthu amakhala ngati mwini nyumba amene makiyi a chipinda chake atayika. Katundu alimo, koma kumutulutsa ndiye nkhondo.

Kayankhulidwe ka munthu wotere kamadziwika msanga. Mawu amatuluka limodzilimodzi, kawirikawiri maina a zinthu, ndipo tizidutswa tolumikiza chiganizo timagwera m'njira. M'malo monena kuti "ndikufuna mundipatse magalasi anga", amati "maso... eee... ija... galasi". Kulemba nakonso kumavuta mofanana, choncho musadabwe mukawapatsa cholembera n'kuona kuti sichikuthandiza kwenikweni.

Za kuimbazo si chinyengo ayi. Nyimbo, kuwerenga manambala motsatana, moni, pemphero loloweza pamtima, zonsezi zinakhazikika kalekale ndipo zimatuluka zokha, mbali yakumanja ya ubongo ikuthandizira. Ngakhale mawu otukwana amatha kutuluka bwinobwino mwa munthu amene sankatukwana, ndipo ana muwauziretu kuti si dala. "Iyayi" uja nayenso ali m'gulu lomweli. Ndi liwu limene latsala pakhomo, limatuluka lokha ngakhale pamene bambo akufuna kuvomera.

Ndiye muzicheza nawo bwanji? Tiyerekeze kuti ndi m'mawa, bambo akuloza cha kuwindo n'kumati "ija... ija". Chimene mabanja ambiri timachita ndi kuwathira mafunso ngati mvula: mukufuna madzi? mukumva kuzizira? tiitane ana? Anthu atatu nthawi imodzi. Wodwala amangotseka maso, nkhani yathera pomwepo. Inu chitani chonchi. Zimitsani wailesi, ngakhale ndikhale ine ndikuyankhula. Khalani pansi moyang'anizana nawo, oyankhula akhale mmodzi. Funsani funso limodzi, kenako muwerenge chamumtima mpaka 10 musanawonjezere kanthu. Nthawi imeneyo imaoneka yaitali zedi, koma ndi imene liwu limafuna kuti lipeze njira. Likakanika, apatseni zinthu ziwiri zoti asankhe, mukuziloza: "Windo, kapena bulangeti?" Akaloza windo, pitirizani: "Nditsegule?" Akati "iyayi" koma mutu ukugwedezeka movomera, musakhulupirire liwulo. Funsani mbali inayo: "Nditseke?" Akavomera zonse ziwiri kapena kukana zonse ziwiri, ndiye kuti yankho silinapezeke, ndipo chothandiza ndi pepala lolembedwa INDE ndi AYI m'zilembo zazikulu, kapena chala chachikulu choloza m'mwamba ndi pansi. Nthawi zina kungowayambitsira liwu, "wi...", kumakwanira kuti "windo" atuluke, koma muyambe mwawapempha ngati akufuna thandizo lotere. Ena zimawapweteka mtima kumalizidwira mawu ndi mwana wawo.

Ndinene chilungamo pa chinthu chimodzi. Kumva kwawo si kwathunthu ngati kale. Chiganizo chokhotakhota, monga "musanamwe mankhwala aja amene anabwera nawo mwana dzulo muyambe mwasamba", chimawasokoneza. Chiduleni: "Choyamba, kusamba. Kenako, mankhwala." Koma mawu anu akhale a munthu wamkulu kwa munthu wamkulu. Musawayankhule ngati khanda, musakuwe, makutu awo ali bwino. Za pakhomo muziwauza ndithu, ndipo muziwafunsa maganizo awo pa nkhani za ana ndi za ndalama monga kale. Anthu a vuto ili amagwa msanga m'matenda a kukhumudwa chifukwa amadziwa bwino chimene ataya. Mukaona akukana kudya, akukana kudzuka, kapena akulira tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri, kawuzeni adokotala, chifukwa zimenezonso zili ndi chithandizo.

Titenge kalata yachiwiri.

"Aulutsi, amayi anga anapezeka ndi sitiroko atawajambula m'mutu, koma akuyenda okha, manja onse akugwira. Amayankhula kwambiri kuposa kale, koma zosamveka. Kapu amaitchula chipeso, mawu ena ndi oti sitinawamvepo. Tikawakonza amakwiya, amati tikuwaseka. Ndikawauza kanthu amagwedeza mutu, kenako n'kuchita zina. Abale ena akuti ndi misala. Ndatopa kukangana nawo. Ndine mwana wawo wamwamuna woyamba."

Achimwene, kalata yanu yandikhudza, chifukwa mtundu uwu wa afeziya ndi umene anthu amauweruza molakwa kwambiri. Si misala. Mtsempha waukulu umene umadyetsa mbali yamanzere ya ubongo uli ndi nthambi, ina yopita kutsogolo, ina yotsikira cha kumbuyo pafupi ndi khutu. Bambo a m'kalata yoyamba ija zikuoneka kuti inatsekeka ndi yakutsogolo, kumene kuli pafupi ndi malo oyendetsa nkhope ndi dzanja. Kwa amayi anu zikuoneka kuti ndi yakumbuyo, kutali ndi malo oyendetsa ziwalo, n'chifukwa chake akuyenda ngati palibe chachitika. Kumeneko kuli chigawo chimene dokotala wa ku Jeremani, Carl Wernicke, anachifotokoza mu 1874, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza liwu ndi tanthauzo lake.

Taganizani mutadzuka m'mawa n'kupeza kuti onse m'nyumba akuyankhula chiyankhulo chachilendo. Mawu mukuwamva, nkhope mukuzidziwa, koma tanthauzo kulibe. Choopsa n'chakuti chigawo chomwecho ndi chimene chimamvetsera mawu a mwiniwake. Amayi akati "chipeso", m'maganizo mwawo anena "kapu", ndipo palibe chowauza kuti liwu laphonya. Ndiye kwa iwo, apempha chinthu chomveka bwino, ndipo mwana wawo akuwayang'ana modabwa kapena akuseka. Inu simungakwiye? Kukangana nawo kuti "si chipeso, ndi kapu" n'kutunga madzi ndi dengu, chifukwa kukonzako kukudzera pakhomo lomwe latsekekalo.

Kugwedeza mutu kuja kusakupusitseni. Amayi amawerengabe nkhope, manja ndi kamvekedwe ka mawu, ndipo ulemu wa kucheza sunawachoke. Mukafuna kudziwa mmene akumvera, ikani kapu, chipeso ndi makiyi patebulo, manja anu muwabise kumbuyo, maso anu asayang'ane chinthucho, n'kunena kuti "Amayi, ndipatseni makiyi." Yesani kangapo mosinthasintha. Mwina mudzapeza kuti liwu limodzi amalimva, koma "ikani makiyi m'kapu" likuwakanika. Pamene akulekezera ndi pamene inu muziyambira poyankhula nawo. Zimenezi muchite kamodzi mwa apo ndi apo, osati mayeso a tsiku lililonse pamaso pa alendo.

Pocheza, chinthu chizitsogola, liwu lizitsatira. Nthawi yosamba ikakwana, musafuule muli kuchipinda china. Bwerani pamene akukuonani, sopo ndi thaulo zili m'manja, muwatchule kaye, n'kunena "Amayi, kusamba", mukusonyeza ndi manja. Akapanda kumva, bwerezani mawu omwewo kamodzi, modekha, ndipo zikakanikabe yesani liwu lina, chithunzi, kapena kulemba liwu limodzi, poti ena amamva cholembedwa kuposa chonenedwa. Musalumphe kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina mosawachenjeza. Iwo akayamba kuyankhula mosalekeza, mvetserani mtima wa nkhaniyo: akudandaula, akusangalala, akuloza kuti? Mukatola liwu limodzi lomveka, ligwireni: "Mukunena za mwana? Uyu?" mukuloza chithunzi. Ngati simunamve, musanamizire. Gwirani dzanja lawo mofatsa kuti aime kaye, n'kunena "Sindinamve, ndionetseni." Ndipo onetsetsani ngati akugunda zitseko kapena kusiya zinthu za kudzanja lamanja, chifukwa sitiroko ya malo amenewa imatha kuchotsa theka lakumanja la zimene maso amaona. Zikakhala choncho, muziwadzera kumanzere.

Pa nkhani ya mankhwala, moto, ndi kusaina mapepala, musadalire kugwedeza mutu ngakhale pang'ono. Mankhwala muziwapatsa nokha m'manja.

Kwa nonse awiri, mayi ndi achimwene: odwala ambiri sagwera mbali imodzi ndendende, amakhala ndi zina za uku ndi zina za uko, ndipo chithunzicho chimasintha pakapita masabata. Kuchira kumathamanga kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, kumachepa liwiro ikamakwana isanu ndi umodzi, koma kumatha kupitirira kwa zaka ngati munthu akuyankhulidwa ndi kuphunzitsidwa. Pemphani kuchipatala kuti akutumizeni kwa katswiri wothandiza anthu kuyankhula, ndipo mupite naye limodzi wodwalayo kuti nanunso muphunzire. Muwauzenso ngati wodwala akutsamwa kapena kutsokomola pomwa madzi.

Ndipo inu omvera ena, mukaona munthu amene anali bwinobwino mwadzidzidzi wasowa mawu kapena wayamba kuyankhula zosalumikizana, ngakhale akuyenda, ngakhale nkhope sinapotoke, onani nthawi imene zayambira n'kuthamanga naye kuchipatala pomwepo. Mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amaperekedwa kawirikawiri pasanathe maola anayi ndi theka, ndiponso munthu atajambulidwa kaye m'mutu. Musamupatse asipirini kunyumba, chifukwa sitiroko ina imabwera ndi kuphulika kwa mtsempha, ndipo asipirini angawonjezere kutaya magaziko.