Makalata a Omvera: Uthenga Wachipepeso Umene Mbuzi Ziwiri Zinasowamo

"Achimwene, ndine mayi wa ku Dedza koma ndimagwira ntchito ku Joni, dzina musanditchule. Atsibweni anga anamwalira mwezi watha ndipo ndinalephera kupita kumaliro. Ndinalemba uthenga wopepesa azakhali pafoni, koma poopa kuti Chichewa changa n'chosalongosoka, ndinapatsa mnzanga wophunzira bwino kuti andikonzere. Nditatumiza, azakhali anangoyankha kuti 'Talandira, zikomo.' Kenako anafunsa mlongo wanga ngati ndinalembadi ndine. Zandipweteka. Mauthenga onse awiri ndi awa. Ndinalakwitsa pati?"

Pepani kwambiri ndi zovutazo, achemwali. Mwachita bwino kutitumizira mauthenga onse awiri, chifukwa yankho lanu lili momwemo. Omvera, tcherani khutu, ndiyamba ndi umene mayiyu analemba yekha asanaupereke kwa mnzake.

"Azakhali ndamva dzulo usiku alongo atandiimbira sindinagone. Atsibweni aja ndi amene anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ine ndilembe mayeso a Fomu 4 inu mukudziwa. Tsiku lonyamuka anandikweza panjinga mpaka pasiteji anati usakaiwale kwanu. Ine ndalephera kubwera mapepala anga sali bwino ndikatuluka sindingalowenso. Pepani azakhali pepani ndithu. Ndatumiza kangachepe kwa alongo mugule shuga wa anthu obwera kudzapepesa."

Tsopano nawu umene unafika m'manja mwa azakhali.

"Okondedwa azakhali, ndalandira ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya amalume anga. M'malo mwa banja langa ndi ine mwini, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima. Malemu adali munthu wachikondi, wolimbikira ntchito komanso wothandiza achibale pa maphunziro. Sindidathe kukhala nawo pa mwambo wa maliro pa zifukwa zina zosapeweka. Thandizo latumizidwa. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Wachiwiriwu mulibe cholakwika ngakhale chimodzi m'kalembedwe. Mphunzitsi wa Chichewa akanauchonga wonse. Mnzanu uja anachita zimene ankaona kuti n'zokuthandizani, musamusungire mangawa. Koma tayesani izi: chotsanimo mawu oti azakhali ndi amalume, muikemo agogo kapena abwana. Mudzaona kuti uthengawo ukhoza kupita pamaliro alionse, ku Karonga kapena ku Nsanje, osasinthanso china. Azakhali anu anaziona zimenezi, ngakhale mwina sangathe kuzifotokoza. Anakulerani, amadziwa mmene mumayankhulira, ndipo munthu amene anawapeza pafoniyo sanamudziwe.

Chachikulu chimene chinatayika ndi mbuzi ziwiri zija. Inu munalemba chinthu chimene mukuchidziwa inu, azakhali ndi malemuwo basi. Mnzanu anachifupikitsa n'kukhala "wothandiza achibale pa maphunziro." Tanthauzo lake silinapite patali, koma ganizirani za mayi amene wangoika kumene mwamuna wake. Akawerenga za mbuzi, akukumbukira khola, akukumbukira tsiku limene ogula anabwera, mwinanso mkangano umene unalipo m'nyumba pa za kugulitsa ziwetozo. Akudziwa kuti nsembe imene iye ndi mwamuna wake anapereka sinaiwalike. Mawu akuti "wothandiza achibale" wawamva kale kwa aliyense amene anaimirira kuyankhula pamaliropo. Njinga ija nayo inasowa, ndi mawu omaliza amene atsibweni anakuuzani pasiteji. Ine ndikanakhala wokonza, ndikanalola kutaya chiganizo china chilichonse koma osati ziwirizi.

Onaninso zimene zinachitikira aneni anu. Inu munati "sindinagone." Awa ndi mawu a munthu amene ali ndi thupi, amene anagubuduka pamphasa mpaka kucha. Anasanduka "ndalandira ndi chisoni chachikulu." Inu munati "pepani," mawu amene timanena titakhala pansi pafupi ndi namfedwa. Anasanduka "ndikupereka chipepeso," ngati katundu woperekedwa pamsonkhano. Ndipo "ndatumiza kangachepe kwa alongo mugule shuga" anasanduka "thandizo latumizidwa." Latumizidwa ndi yani, kwa yani, la chiyani? Uthenga ukayamba kuuma, kawirikawiri umayambira pamenepa: mneni amasanduka dzina, ndipo wochita chinthucho amabisala kuseri kwa mawu othera ndi -dwa. Kalembedwe kameneka kali ndi malo ake, monga m'zidziwitso za kuofesi, kumene wolemba sayankhula m'dzina lake. Pakati pa mwana ndi azakhali ake kamaika mpanda.

Pali kenanso kakang'ono kamene anthu ophunzira amakonda kufufuta, ndiko kubwereza. "Pepani azakhali, pepani ndithu." Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza mawu n'kuwononga malo. Koma pitani pasiwa mukamve mmene amayi amapepesera. Sanena kamodzi n'kudzuka. Kubwerezako ndiye kugwada kwake kwa mawuwo.

Ndiye pali atsibweni amene anasanduka amalume, ndi -na- wanu wa mu "anagulitsa" amene anasanduka -da- wa mu "adali." Mawu onsewa ndi Chichewa chabwino. Ambiri amene anadutsa m'kalasi amaona ngati -da- ndiye woyenera papepala chifukwa ndi amene amamuona kwambiri m'mabuku ndi m'manyuzipepala, ndipo alipo anthu ochuluka amene amayankhuladi choncho kwawo. Inu simuli m'gulu limenelo, kalata yanu yonse mwalemba ndi -na-. Ndipo ngati kuyambira muli mwana munkati atsibweni, azakhali anadabwa kumva mukuwatchula dzina lina tsiku limene amwalira.

Sindikunena kuti uthenga wanu woyamba sunkafunika kukonza. Unkafunika, pa zinthu zitatu. Ziganizo zinathamangira pamodzi popanda mpumiro, moti munthu wowerengera azakhali mokweza akanasowa popumira. Mawu a atsibweni akuti usakaiwale kwanu anafunika kuonekera kuti ndi awo. Chachitatu ndi nkhani ya mapepala, ndipo apa mnzanu anaganiza bwino kuichotsa, chifukwa uthenga wa pa WhatsApp umawerengedwa pagulu ndipo umatumizidwa kwa ena amene simukuwadziwa. Kulakwa kwake kunali kuikapo "zifukwa zina zosapeweka," mawu amene amamveka ngati munthu akuzemba. Mukanatha kunena zoona popanda kuulula zonse. Tamverani mmene ukanamvekera utangokonzedwa pa zitatuzi.

"Azakhali, ndamva dzulo usiku alongo atandiimbira. Sindinagone. Atsibweni aja ndi amene anagulitsa mbuzi ziwiri kuti ine ndilembe mayeso a Fomu 4, inu mukudziwa. Tsiku lonyamuka anandikweza panjinga mpaka pasiteji, n'kundiuza kuti, 'Usakaiwale kwanu.' Ndalephera kubwera, azakhali, ndipo zikundiwawa. Chifukwa chake ndikuuzani ndikaimba. Pepani azakhali, pepani ndithu. Ndatumiza kangachepe kwa alongo, mugule shuga wa anthu obwera kudzapepesa."

Mwamva kuti pafupifupi mawu onse ndi anu omwe aja. Tangoikamo zizindikiro zopumira, kuonetsa mawu a atsibweni ndi kusintha chiganizo cha mapepala chija.

Ulendo wina mukafuna kupatsa munthu uthenga kuti akuonereni, musamuuze kuti "undikonzere," chifukwa mawu amenewo amamupatsa ufulu wogwetsa nyumba yonse n'kumanga yake. Muuzeni ntchito yeniyeni: aone zilembo zolakwika, aike mipumiro, ndipo akuuzeni pamene sakumva, koma asalembe m'malo mwanu. Akaloza pamene sakumva, mumufotokozere pakamwa, ndipo zimene mwanena pakamwazo ndi zimene mulembe. Akakubwezerani, uwerengeni mokweza ngati azakhali akhala patsogolo panu. Pamene lilime lakakamira, kapena pamene mwachita manyazi chifukwa simunganene choncho pamaso pawo, pamenepo palowa mawu a mwini wina.

Za panopa, musatumize uthenga wina wofotokoza za mnzanu uja. Imbani foni madzulo, nthawi imene anthu apanyumba achepa, muwauze azakhali za mbuzi ndi za njinga ndi pakamwa panu. Akafunsa za uthenga umene analandira uja, auzeni zoona, kuti munaopa kulakwitsa pa nkhani yaikulu chotere.

Tili ndi kalata ina yaifupi, yochokera kwa mnyamata wa ku Ndirande mumzinda wa Blantyre.

"Akulu, ndimagwira ntchito yaulonda ndipo ndikufuna kulembera abwana kupempha tchuthi cha masiku atatu kuti ndikaone mayi anga kuchipatala. Ndikalemba mmene ndimayankhulira ndi anzanga zimaoneka zachipongwe. Ndikakopera makalata a ena zimakhala ngati si ine. Ndichite bwanji?"

Mphwanga, munthu sakhala ndi mayankhulidwe amodzi okha. Umayankhula mwina ndi anzako pabawo, mwina ndi apongozi, mwinanso ndi abwana akakupeza pageti m'mawa, ndipo monsemo ndiwe yemwe. Amene ukuwafuna papepalapo ndi achitatuwa. "Boboo" ndi "shapu" zisiye kubawo, koma usathawire kwa "cholinga chondilembetsa kalata ino ndi chofuna kukudziwitsani kuti," mawu asanu ndi atatu amene sananenebe kanthu. Abwana akufuna kudziwa masiku ake, chifukwa chake, ndi amene adzalondere iwe kulibe. Lemba chonchi:

"Bwana, ndikupempha tchuthi cha masiku atatu, kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu sabata yamawa. Mayi anga agonekedwa m'chipatala ndipo mlongo wanga amene akuwadikirira watopa, ndikufuna ndikamupumitse. Ndagwirizana ndi mnzanga wa masana kuti adzagwira usiku wanga ngati inu mungavomereze. Ndidzabwerera pantchito Loweruka madzulo. Zikomo, bwana."

Ulemu wake uli mu "ndikupempha" ndi mu "ngati inu mungavomereze," ndipo wakwana. Chiganizo cha mlongo wotopa chija usachichotse poganiza kuti si cha m'kalata ya kuntchito, chifukwa ndi chimene chikuonetsa kuti pempholi ndi loona. Pamwamba ulembe deti, m'malo mwa "sabata yamawa" uike madeti enieni a masiku atatuwo kuti pasadzakhale kutsutsana, pansi usayine dzina lako lonse, ndipo ujambule kalatayo pafoni usanaipereke. Mayi achire msanga, mphwanga, ndipo udzatiuze mmene wayendera.