Asanakuoneni pa kamera, pemphani nambala ya foni

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Kunja kwatentha, ndiye ndisakuchedwetseni.

Tiyerekeze kuti mtsikana wa kuno ku Mangochi wafunsira ntchito ku bungwe la ku Nairobi. Amuyankha pa imelo Lolemba kuti intavyu ichitika pa vidiyo Lachinayi, 10 koloko m'mawa. Ambiri amangothokoza n'kukhala chete kudikira tsikulo. Ayi ndithu, Lolemba lomwelo awalembere omwe amuitanawo.

Choyamba afunse kuti 10 kolokoyo ndi ya kuti. Nairobi ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndiye 10 koloko ya kumeneko ndi 9 koloko ya kuno. Akalowa 10 koloko yathu apeza anthu anabalalika kale.

Afunsenso kuti akumana pa Zoom, Microsoft Teams kapena Google Meet, chifukwa iliyonse ili ndi pulogalamu yake yofunika kuiika mufoni tsikulo lisanafike. Ngati ndi Zoom, apemphe Meeting ID ndi Passcode, azilembe papepala. Linki ikakana kutseguka, amalowa ndi manambala amenewo. Lachitatu atsegule zoom.us/test, adzione yekha ndi kumva mawu ake.

Za kamera tsopano. Mwaiona foni yangayi? Ndikaigwira m'manja chonchi imanjenjemera, ndipo a ku Nairobi akuona mphuno ndi malata basi. Igonekeni cham'mbali, muitsamiritse pa mabuku mpaka ifike pa msinkhu wa maso anu. Windo likhale kutsogolo kwanu. Likakhala kumbuyo, nkhope imada bii ngati chithunzithunzi. Pukutani kagalasi ka kamera, ndipo foni isakhale padzuwa, chifukwa ndi kutentha kwa Okutobala kuno imatha kuzima yokha.

Koma chimene ndabwerera kwenikweni ndi ichi. Mu imelo yomweyo alembe kuti: "Netiweki ikaduka, ndikuimbireni pa nambala iti? Yanga ndi iyi." Nambala yake ayambe ndi +265 n'kuchotsa ziro woyamba uja, apo ayi wa kunja sangamupeze. Agwirizanenso kuti woimba ndani, asamadikirane.

Amayi apo akufunsa kuti nanga foni ikakhala imodzi? Bwerekani ya mlongo wanu, makamaka ya netiweki ina, ina Airtel ina TNM, ikhale pambali ili ndi moto komanso mayunitsi. Bandulo ikhale yoposa 1GB, vidiyo imadya.

Ndiye Lachinayi lafika, mafunso ali mkati, chithunzi chauma gwa, mawu akudukaduka. Azimitse kamera kaye, nthawi zambiri mawu amabwerera. Zikakanika kwa mphindi ziwiri, atenge foni yachiwiri ija aimbe: "Pepani, netiweki yandidula, tingapitirize pafoni?"

Amene muli ndi mafoni tulutsani, tiyeseze kuwaimika pa benchipa.