Mawu a m'mawa: Popepesa mnzathu wa kuntchito

Mwadzuka bwanji abale. Lero tiwerenge Yobu 2:13, pomwe anzake atatu a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osalankhula kanthu poona kuti chisoni chake chinali chachikulu. Pamenepo anachita bwino ndithu, zinavuta atayamba kufotokoza zifukwa za mavuto ake, mpaka pa 16:2 Yobu anawauza kuti akungomulemetsa.

Sabata yathayi mayi wina amene timagwira naye ntchito anaonekedwa zovuta, mayi ake aang'ono anatisiya. Pa gulupu ya ofesi anthu anangothira RIP RIP ndi timanja topemphera tija, wina mpaka kufunsa kuti koma amadwala chani, pagulu! Ine ndinagwira foni kulemba kufufuta kulemba kufufuta, chifukwa sitinazolowerane kwenikweni, timangopatsana moni pakolido, ndiye kulemba ngati kalata ya kwa bwana kumaoneka kuuma mtima komanso kunena kuti "achemwali anga okondedwa" kukanakhala kudzipanikiza pomwe sindili.

Ndisanalembe ndinayamba ndafunsa amene amakhala naye desiki imodzi, ndipo ndinamva kuti malemuwo ndi amene anamulera kuyambira sitandade 2. Ndikanalemba kuti pepani za anti anu ndikanawachepetsa, kwathu kuno mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako basi. Ndiye ndinamulembera payekha, osati pagulupu:

"Mayi, ndamva za kutisiya kwa mayi athu. Pepani kwambiri. Ndikudziwa kuti ndi amene anakulerani. Malipoti a Lachisanu aja musawaganizire, ndagwirizana ndi abwana kuti ndipanga ine. Madzulo tibwera ku siwa ndi anzathu. Ambuye akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse. Musavutike kuyankha."

Ulemu uli mu "Mayi" ndi "inu", sindinamutchule dzina loyamba ngakhale ndi wamng'ono kwa ine. Chifundo chili mu malipoti aja, chifukwa namfedwa akuthamanga ndi za kumochale, bokosi, galimoto yopita kumudzi, mawu akuti "mukafuna chilichonse mundiuze" sangawagwiritse ntchito, adzachita manyazi kupempha. Koma musalonjeze zomwe simunafunse kaye kwa abwana.

Zoti "chinali chifuniro cha Mulungu" kapena "limbani mtima musalire" ndinazisiya dala. Aroma 12:15 akuti tilire nawo amene akulira, sanati tiwaletse, ndipo Ambuye Yesu analira pa maliro a Lazaro chonsecho akudziwa kuti amuukitsa. Mnzanuyo akakhala wa chipembedzo china musamuthire mavesi, pepani wochokera pansi pamtima akwana. Nkhani ya chipepeso nayo isalowe mu uthengawo, ndalama zipite mu envelopu kudzera kwa amene akusonkhetsa.

Anayankha patatha masiku 9, atabwerako kumudzi, anangoti zikomo munabwera ku siwa.

Tipemphere: Atate, kumbukirani anamfedwa onse amene akubwerera kuntchito m'mawa uno mitima idakali kumanda. Amen.