Mapasiwedi awiri a rauta ya m'shopu mwanu

Rauta ya m'shopu, kachipangizo kogawa intaneti ku mafoni ndi makompyuta, imakhala ndi mapasiwedi awiri, koma eni shopu ambiri amadziwa imodzi yokha, ya Wi-Fi, imene amapatsa makasitomala. Inayo ndi ya woyang'anira, ndipo imatsegula tsamba losinthira chilichonse cha mu rautayo.

Tembenuzani rauta yanu muwerenge kapepala komatidwa kunsi kwake. Mupezapo adilesi, kawirikawiri `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1`, ndipo marauta ambiri a Huawei olowa simukhadi amagwiritsa ntchito `192.168.8.1`. Mukalemba adilesiyo m'bulauza ya foni yolumikizidwa ku Wi-Fi, tsamba limafunsa dzina ndi pasiwedi, zomwe pa marauta ambiri, makamaka akale, zimangokhala `admin` ndi `admin`.

Tiyerekeze kuti muli ndi shopu yosindikiza ndi kukopa mapepala, ndipo kasitomala amene akudikira mapepala ake mwamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi. Ali pa benchi pomwepo, angathe kutsegula tsamba lija n'kusintha gawo la `DNS`, lomwe limauza kompyuta kumene tsamba lililonse lili. Akatero, inu mukalemba adilesi ya banki yanu mungafikire pa tsamba labodza lofanana nalo. Intaneti imapitiriza kugwira ntchito bwinobwino, n'chifukwa chake vutoli limatenga nthawi kuti lidziwike. Chizindikiro chake ndi chenjezo la bulauza lakuti tsambalo si lotetezeka, kapena manambala a `DNS` amene simunaike inuyo.

Choncho lowani pa `Administration` kapena `System Tools`, muike pasiwedi yatsopano ya woyang'anira ya zilembo zosachepera 12, yosiyana ndi ya Wi-Fi, muilembe m'kope losungidwa kunyumba. Muzimitsenso `Remote Management`, yolola munthu kusintha za mu rauta ali kutali, ndi `WPS`, yolumikizira ku Wi-Fi popanda kulemba pasiwedi.

Kenako tsegulani `Guest Network`, muipatse dzina lake ndi pasiwedi yake, musankhe chitetezo cha `WPA2` kapena `WPA3`. Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri, chifukwa netiweki ya alendo payokha siteteza kanthu ngati yaloledwa kufika pa zipangizo za m'shopu. Pa marauta a TP-Link pali kabokosi kolembedwa `Allow guests to access my local network`, ndipo kayenera kukhala kosachonga. Kompyuta yowerengera ndalama, purinta ndi makamera zitsale pa netiweki yaikulu, imene pasiwedi yake muyenera kuisintha lero ngati munaipatsapo kale makasitomala.

Musakhulupirire zimene mwachita musanaziyese. Lumikizani foni yanu ku netiweki ya alendo, mulembenso adilesi ya rauta ija, muyesenso kutumiza pepala ku purinta. Zonse ziwiri zikakanika, ndiye kuti mwatseka bwino.

Chomaliza ndi malo oikapo rauta. Kumbuyo kwake kuli kabowo kolembedwa `Reset`, ndipo munthu akakadina ndi phini kwa masekondi pafupifupi 10, zonse mwakonzazi zimafufutika, `admin` uja n'kubwerera. Ikani rautayo pashelefu ya m'mwamba kuseri kwa kauntala, pamene kasitomala sangafikire.