Kutseka khomo lakale ndi kubwezera matailosi popanda kuphwanya mizere

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse amene mwasiya ntchito za kumunda n'kubwera pano. Nonse mwamva zimene zinachitika kumsika kuno kwa Lizulu sabata yatha, pamene chigamba cha njerwa chimene anatsekera khomo lakale la golosale chinagwera panja ana akusewera pafupi. Tikuthokoza Mulungu kuti palibe amene anavulala. Ine ndamanga nyumba zaka zambiri, ndipo amfumu atandipempha kuti ndikaone, ndinapita ndi tepi yanga n'kuyeza. Khoma lakale lili chilili, silinasunthe ngakhale pang'ono. Chimene chinagwa ndi chigamba chokha, ndipo chinagwa chathunthu ngati chitseko, chifukwa sichinalumane ndi khoma mbali zonse ziwiri.

Mawu amene ndikufuna kuti mupite nawo kwanu ndi awa: pokonza malo pamene mwachotsapo chinthu, kaya ndi felemu ya chitseko, zenera kapena kauntala, khoma lakale ndilo limalamula. Muyeso musautenge m'mutu mwanu kapena pa njerwa zatsopano, koma pa mizere imene ilipo kale.

Ndikuuzeni zimene tepi inandionetsa. Ndinayeza mizere 10 ya khoma lakale, kuchokera pamwamba pa njerwa ina kufika pamwamba pa njerwa ya mzere wa khumi pamwamba pake, ndipo ndinapeza mamilimita 850. Ndiye kuti mzere uliwonse, njerwa pamodzi ndi matope ake, unali mamilimita 85: njerwa 70, matope 15. Timayeza mizere khumi osati umodzi chifukwa njerwa zathu zootcha pauvuni sizifanana ndendende, ina imatupa, ina imanyala ndi moto. Tsono njerwa zatsopano zimene anagula zinachokera m'chikombole china, ndipo msinkhu wake unali mamilimita 75. Mmisiri akanachepetsa matope kufika pa 10, mizere ikanakumana bwinobwino. Iye anaika matope a 15 monga anazolowera, mzere uliwonse n'kukhala 90. Mamilimita 5 ndi kanthu kakang'ono moti diso silingaone pa mzere woyamba, koma pofika mzere wa 10 anali atakwera ndi 50, ndipo pofika mzere wa 17 anali atapitirira ndi mzere wathunthu. Khomo lija linali la mizere 25 yakale. Iye anakwanitsa 23, n'kutsala mpata wa mamilimita 55 pansi pa lintala, mtanda wopingasa pamwamba pa khomo uja, ndipo mpatawo anaudzaza ndi zidutswa za njerwa ndi matope.

Anthu ena amaganiza kuti mizere yosakumana ndi nkhani ya maonekedwe basi. Ayi. Mizere ikasiyana msinkhu, njerwa yatsopano singalowe m'khoma lakale, chifukwa mano ake sakugwirizana. Chimatsala ndi mzere woongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo matope akauma amanyala pang'ono n'kusiya mng'alu woonda ngati ulusi. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala madzi amalowa mmenemo, kenaka wina akatsamiritsa matumba a mbatata mkati, chigamba chimatuluka. N'chifukwa chake ndikubwereza kuti khoma lakale ndilo limalamula.

Njira yoyenera imayamba ndi kusema mano. M'mbali mwa khomo lililonse, mzere wina umathera pa njerwa yathunthu, wotsatira pa theka. Matheka amenewo ndiwo timachotsa, mbali zonse ziwiri, kudumpha mzere umodzi umodzi, kuti pakhale mabowo olowetsamo njerwa zathunthu zatsopano. Pochotsa musamenye njerwa yeniyeniyo ndi hamala yaikulu. Yambani mwakokota matope ozungulira ndi tchizulo chopyapyala, njerwa idzatuluka yokha osagwedeza zinzake. Lintala musaikhudze, ndiponso njerwa zimene yakhalapo musazichotse, pakuti ndiyo yanyamula zonse za pamwamba. Ndili mnyamata ndinaona mmisiri wina akugumula lintala kuti akaigwiritse ntchito pa khomo latsopano, ndipo madzulo asanafike mizere itatu ya pamwamba inali itagwera mkati pamodzi ndi mtanda wa denga.

Mukatero tengani thabwa lowongoka, muliimike pambali pa khomo, n'kulemba ndi pensulo pamene pali pamwamba pa njerwa iliyonse yakale. Chitani zomwezo mbali inayo, chifukwa nthawi zina kumanzere ndi kumanja kumasiyana pang'ono. Pomanga mzere uliwonse, kokani chingwe kuchokera pamwamba pa njerwa yakale ya kumanzere kufika pamwamba pa inzake ya kumanja, ndipo njerwa yatsopano izingoyandikira chingwecho osachikankha. Pano ndikunena chinthu chimene amisiri achinyamata amakangana nane. Ngati levulo ikunena kuti khoma lakale linapendekeka pang'ono, tsatirani chingwe osati levulo. Levulo igwire ntchito yoona ngati nkhope ya chigamba yaima chilili, koma za msinkhu wa mizere mverani khoma.

(Mayi wina wakweza dzanja: "Pepani bambo, ife nyumba zathu zambiri anamangira dothi, ndipo pamapeto pake timapaka pulasitala. Nanga zonsezi n'zofunika pamene mizereyo sidzaoneka? Komanso njerwa zofanana ndi zakale tikazitenga kuti, poti amene anaumba anamwalira kalekale?")

Zikomo mayi, mwafunsa zimene ambiri pano amafuna kufunsa. Pulasitala amabisa mizere kwa miyezi yowerengeka chabe. Pitani mukayang'ane nyumba za m'mbali mwa msewu waukuluwu, mudzaona zambiri zili ndi mng'alu wojambula chitseko chenicheni pa pulasitala, mbali ziwiri zoimirira ndi umodzi pamwamba. Pamenepo panali khomo limene anatseka popanda mano. Khoma ndi chigamba zikamasuntha mosiyana, ndi kutentha kwa Okutobala ndi kuzizira kwa Juni kumene tonse timakudziwa kuno, pulasitala alibe mphamvu yozigwirizanitsa, amangong'ambika potsata msokowo. Ndiye ngakhale mudzapake, mano asemedwe ndithu.

Za dothi mwanenazo n'zofunika kwambiri. Khoma limene anamangira dothi, chigamba chakenso mumangire dothi. Ndikudziwa kuti ena mukapeza ndalama za mbatata mumafuna kuika simenti yambiri poganiza kuti ndiko kulimbitsa, koma chigamba cholimba kwambiri pakati pa khoma lofewa chimakhala ngati mwala m'nsima: chokhacho sichisuntha pamene zozungulira zikusuntha, ndipo mng'alu umabwera m'mphepete. Ngati khoma ndi la simenti, sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 6 ya mchenga, poyezera ndowa imodzi yomweyo osati fosholo, chifukwa fosholo imanyamula mosiyana. Mchenga ukhale wofanana mtundu ndi wakale ngati khoma lidzakhale losapaka, popeza mtundu wa matope umachokera ku mchenga.

Tsono za njerwa, mayi. Musanagule, yang'anani kaye pakhomo panu. Ngati mwatseka khomo kuno, kawirikawiri mwaboola lina kwina, ndipo njerwa zimene zatuluka kumeneko n'za chikombole chomwecho. Zichotseni mosamala, muzipale matope, muzisunge. Koma inu mumazipereka kwa ana kuti akamangire khola la nkhunda, kenaka n'kukagula zina zosiyana, ndipo zimenezi zimandiwawa. Zikasowa, nyamulani njerwa imodzi yakale popita kogula kuti mukayerekeze. Yatsopano ikachepa kapena kukula ndi mamilimita 5, matope akhoza kukonza. Ikakula kwambiri moti matope atsale ochepera mamilimita 6 kapena 7, isiyeni, sigwira bwino. M'litali namonso, yalani mzere woyamba ndi wachiwiri popanda matope kuti muone ngati misoko yoimirira ikugwera pakati pa njerwa ya pansi. Ngati pakufunika kudula, chidutswa chisachepere theka la njerwa, ndipo chikhale malo amodzimodzi pa mizere yonse yofanana. Ndikhulupirira ndakuyankhani, mayi.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo ena mwayamba kuyang'ana kunjira, choncho zotsalazi ndifulumira. Tsukani fumbi m'mabowo a mano, munyowetse njerwa zakale ndi zatsopano kuti zisamwe madzi a m'matope. Musamange khomo lonse tsiku limodzi. Fikani cha pakati, mupitirize mawa. Mzere womaliza pansi pa lintala muutseke tsiku lotsatira, matope a pansi atakhazikika, ndipo mukankhire matope olimbirako ndi kathabwa mpaka mpata udzaze. Ngati ndi simenti, thirani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7.

Pa matailosi lamulo ndi lomwelo, pansi pakale ndipo pamalamula. Mukachotsa kauntala kapena chimbudzi cha m'nyumba, mudzapeza matailosi odulidwa mozungulira. Musaike tizidutswa todzazira. Chotsani odulidwawo onse kufikira pa mzere wa matailosi athunthu. Yambani mwakokota phala la m'mipata kuzungulira tailosi, kenaka muliswe kuyambira pakati kupita m'mphepete, mutavala magalasi oteteza maso chifukwa zidutswa zake zimacheka ngati botolo. Mukayamba kutema m'mphepete muswa loyandikana nalo. Semani guluu wakale yense kuti latsopano lisatumphuke pamwamba pa anzake.

Yezani matailosi asanu pamodzi ndi mipata yake isanu. Pa nyumba ina ndinapeza mamilimita 2000, kutanthauza 400 pa lililonse, koma tailosi lenilenilo linali 397 ndipo mpata unali 3. Mwini nyumba anagula ena amene pa katoni analembanso 400, koma awa anali 400 enieni, moti sakanalowa popanda kudya mpata wonse. Choncho pitani kusitolo ndi chidutswa ndi tepi, musakhulupirire katoni yokha. Ofanana akasowa, tukulani akale pamalo pobisika, monga pansi pa kabati, muwaike poonekera, atsopano apite kobisikako. Kokani zingwe ziwiri zopingasana potsata mipata yakale, yalani kaye popanda guluu, ikani timitanda ta pulasitiki tofanana ndi mpata wakale, ndipo mugoneke thabwa lowongoka kuchokera pa tailosi lakale kudutsa latsopano kufika pa lakale la mbali inayo kuti muone ngati lakwera kapena lamira. Pasaponde munthu kwa maola 24, kenaka tsekani mipata. Pakapita masiku angapo gogodani ndi chigwiriro cha mpeni, ndipo limene likulira ngati ng'oma lili ndi mphako pansi, lichotsedwe lisanasweke.

Amene muli ndi khomo lotsekedwa kale ndipo mukuona mng'alu woongoka m'mbali mwake, musatsamiritse katundu pamenepo ndiponso ana asasewere pansi pake. Lembetsani maina kwa amfumu lero, ine ndiyamba kuyendera nyumbazo Loweruka m'mawa ndi tepi yanga. Zikomo amfumu.