Chinthu choima pakhosi nkhawa ikakula: mverani musanachite mantha

Moni nonse a m'gulu lathu, amayi ndi abambo. Ndine namwino wanu uja wa kuno ku Mangochi. Pepani, uthengawu utalikirapo pang'ono, koma funso limene ena mwandifunsa kumbali, lakumva ngati chinthu chaima pakhosi, ndi la anthu ambiri.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa kumbali ya kunyanja. Akuti, "Anesi, pakhosi panga paima chinthu ngati mbamu ya nsima, sichitsika, sichikwera." Akuloza pakati penipeni, pamwamba pa kadzenje kaja ka m'munsi mwa khosi. Anali atayamba kuganiza kuti mwina anadyetsedwa. Ndinawafunsa kuti dzulo anadya chiyani. Akuti nsima ya utaka, ndipo inapita bwinobwino, moti pakudyapo chinthucho chinaiwalika. Chimabwera akakhala chete usiku. Titacheza, zinadziwika kuti bambo a kunyumba ali ku Joni, ndipo papita miyezi iwiri osaimba foni.

Chikuchitika n'chiyani? Pamwamba pa m'mero, pamene chakudya chimalowera, pali mnofu wozungulira ngati chingwe chomangira kukamwa kwa thumba. Umakhala wotseka, n'kumatseguka mukamameza. Nkhawa ikakula thupi limakungika ngati likukonzekera kuthawa, mapewa amakwera, nsagwada zimalumana, ndipo minofu ya pakhosi nayo imamangika. Malovu amachepanso, m'kamwa n'kuuma gwaa. Ndiye mumameza kuti muone ngati chilipobe, koma mukumeza pouma, khosi n'kumangikiratu. Mukamachifufuza m'pamene chimakula. Komatu mulibe chinthu m'menemo, ndipo njira ya mpweya sinatsekeke.

Tsono chikakugwirani, chitani izi. Tengani madzi m'kapu, mwani pang'onopang'ono, kakumwa kamodzi, kupuma, kenanso. Kumeza kokhala ndi madzi kumamasula mnofu uja. Lekani kumeza malovu moyesa, lekaninso kutsokomola kofuna kuchichotsa, chifukwa kumangopala pakhosi. Chala musalowetse, chonde. Khalani pansi, tsitsani mapewa, lekanitsani mano. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, kakhumi. Kenaka yasamulani kwambiri kawiri kapena katatu. Abale athu amene mumasala pa Ramadani, masana gwiritsani kupuma ndi kuyasamulaku, madziwo mumwe okwanira mukamasula. Ngati mumavutikanso ndi chilungulira, musagone mutangodya kumene, papite maola awiri kapena atatu, chifukwa asidi wa m'mimba akamakwera amayambitsanso zomwezi. Fodya ayi.

Koma apa mvetserani bwino, chifukwa sindikufuna wina akhale pakhomo akuti anesi anati ndi nkhawa chabe. Dziko lathu lino ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri. Kusiyana kwake n'koti cha nkhawa chimabwera n'kupita, sichipweteka, ndipo chakudya chimadutsa. Choopsa chija ndi chakudya chenichenicho kuima panjira. Munthu amayamba kulephera nyama, kenaka nsima mpaka azikankhira ndi madzi, kenaka phala, thupi likutha, chitenje chikukulira. Zikamapita chotero musadikire, pitani kuchipatala sabata yomweyo, ndipo akakupatsani mankhwala koma osasintha, bwereraninso mupemphe kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma pa Boma.

Pitaninso ngati kumeza kukupweteka, makamaka mukaona zoyera ngati chambiko m'kamwa, chifukwa zimenezi zimakonda kubwera chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo mankhwala ake alipo. Chimodzimodzi mawu akasasa kupitirira masabata 3, kapena mukakhudza chotupa pakhosi ndi dzanja, kapena mukasanza magazi. Ife a kunyanja tisaiwale munga wa chambo. Umenewo umabaya malo amodzi, ndipo umayamba pomwe mukudya. Musaukankhire ndi mbamu ya nsima, kaonetseni. Milomo kapena lilime zikatupa mwadzidzidzi, mpweya n'kumavuta, thamangani nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Mayi aja adokotala anawayeza pakhosi, tinawakweza pasikelo, zonse zili bwino. Anabweranso patapita masabata awiri. Akuti chimabwerabe usiku wina, koma amaika kapu ya madzi pafupi ndi mkeka, ndipo anawauza achemwali awo za ku Joni zija, mmalo mosenza okha. Inunso mukapita kuchipatala, musangonena za khosi. Nenaninso ngati tulo sitikubwera, ngati mtima ukuthamanga, ngati maganizo akukulemerani, kuti akuthandizeni pa nkhawayonso. Amene muli ndi funso, ndipezeni kumbali ndikaweruka.