Makalata a Omvera: "Anavomera Okha Kujambulidwa, Nanga Akwiyiranji?"

"Bambo a pa wailesi, ndili ndi saluni ku Mtendere. Pa kicheni pate ya mng'ono wanga ndinawaluka tsitsi alamu anga, akazi a achimwene, ndipo ndinawajambula atavomera okha, akumwetulira. Mnyamata wina wokonza zithunzi pa foni anayeretsa khungu lawo, anachepetsa masaya, n'kuika nkhopeyo pa chikwangwani cha saluni pafupi ndi mafuta odzola amene ndimagulitsa. Tsopano alamu sakundilankhula, akuti ndawachititsa manyazi kumpingo. Ndalakwa chiyani? Ndikanapempha bwanji?" Watero mayi wa ku Mtendere.

Zikomo amayi. Kalata yanu ndaiika pamwamba chifukwa thumba la sabata ino ladzaza ndi nkhani za nkhope za anthu, ndipo yanuyi ndi imene yandikhudza, poti simunafune kupweteka munthu. Koma mundikhululukire, ndikuuzani mosapita m'mbali: mwalakwa ndithu.

Alamu anu anavomera chinthu chimodzi, kujambulidwa pa chisangalalo cha banja. Pa chikwangwanicho pali zinthu zina ziwiri zimene sanafunsidwe, kusintha nkhope yawo ndi kuigwiritsa ntchito pa malonda. Mnzanu akakubwerekani chitenje choti mupite nacho kumaliro, sanakuloleni kupita nacho kwa telala kuti achidule chikhale diresi. Ndiye taganizani zimene munthu wotsika basi pa Mtendere akuona. Akuona mayi amene amamudziwa kuti ndi wakuda bwino, lero ali mbuu, pambali pake pali botolo la mafuta. Chithunzicho chikunena kuti mayiyu amadzola mankhwala oyeretsa khungu ndipo akuitana anzake kuti agule. Mawu amenewo alamu sananene, mwawanenera ndinu. Kumpingo akawafunsa, ayankha bwanji? Ndipo nkhani ya masaya ija musaichepetse. Munthu akaona kuti mwamuchepetsa masaya, amamva kuti mwamuuza kuti nkhope imene ali nayo sinali yokwana.

Boma nalo linaikapo mawu. Kuno ku Zambia tili ndi lamulo nambala 3 la chaka cha 2021, loteteza mbiri ndi zinsinsi za munthu, ndipo chithunzi chimene munthu akuzindikirika nacho chili m'gulu limenelo. Lamuloli silikulondolani mpaka ku zithunzi zosunga nokha kunyumba, koma mukalowa nazo m'bizinesi limakukhudzani. Mfundo zake ziwiri zikugwirizana ndi nkhani yanu. Chimene mwatenga kwa munthu pa cholinga china musachipititse ku cholinga chosiyana osamufunsa, ndipo amene anavomera ali ndi ufulu wobweza chilolezo chake nthawi iliyonse. Sindikukuopsezani ndi khoti ayi, za m'banja zimathera pa mphasa. Ndikungofuna mudziwe kuti alamuwo sakuchita matama.

Tsono kapemphedwe kake. Pa chithunzi chokonzedwa timapempha kawiri. Koyamba musanachipereke kwa wokonza, kachiwiri atamaliza koma musanapite nacho kosindikiza. Anthu ambiri amagwera pa kachiwiri kameneka, chifukwa munthu sangavomere chinthu chimene sanachione. Mawu oti "tingochikongoletsa pang'ono" kwa inu akhoza kutanthauza kuchotsa mthunzi pa chipumi, kwa mnyamata wa foni uja akutanthauza kumupatsa munthu mphuno yatsopano.

Pempho loyamba likanamveka chonchi, ndipo amene muli ndi cholembera lembani:

"Alamu, chithunzi chija cha pa kicheni pate tsitsi linaoneka bwino kwambiri. Ndikufuna kuchiika pa chikwangwani cha pakhomo la saluni ndi pa tsamba la saluni la Facebook, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Wokonza achotsa anthu a kumbuyo ndi kuonjezera kuwala, koma nkhope ndi khungu lanu sakhudza. Pachikwangwanipo pakhalanso mafuta amene ndimagulitsa. Akamaliza ndikuonetsani kaye. Ndidzakulukani kawiri kwaulere ngati kuthokoza. Ngati simukufuna nenani momasuka, palibe chimene chisinthe pakati pathu. Mundiyankhe Lachisanu."

Mwamva kuti m'menemo muli chithunzi chake chenicheni, malo amene chikaikidwe, nthawi imene chikhalepo, zimene zisinthidwe ndi zimene chikakhale nazo pafupi. Mafuta aja mukanawatchula, ndikukhulupirira alamu akanati, "Tsitsi lokha inde, mafuta ayi," ndipo nkhani ikanathera pompo musanalipire osindikiza ngwee ndi imodzi yomwe.

Mawu omalizawo, opatsa munthu mpata wokana ndi masiku oganiza, ndi amene ife a m'makomboni timawadumpha. Timafunsa munthu pagulu, apongozi ali pomwepo, nyimbo zikulira, foni ili kale m'mwamba. Angakane bwanji? Ndiye mumve bwino mayankho athu. Mlamu akati "tiona," sanavomere. Akati "mmene mwaonera inuyo," mutu ataweramitsa, sanavomere. Akawerenga uthenga pa WhatsApp, timizere tiwiri n'kusanduka tabuluu, iye osayankha, ameneyo wakana mwaulemu. Inde weniweni amamveka, nthawi zambiri amabwera ndi funso kapena malire: "Chabwino, koma pa Facebook musaike." Ndipo musazembere kwa achimwene anu kuti avomere m'malo mwa akazi awo. Kuwadziwitsa n'kwabwino, koma nkhope ndi ya alamu.

Lankhulani nawo pamaso, awiriwiri, kenako tumizani mawu omwewo pa foni kuti iwo ayankhe polemba kapena pojambula mawu. Si kusakhulupirirana. Pakatha miyezi itatu palibe amene amakumbukira ngati munagwirizana za chikwangwani chokha kapena ndi timapepala togawa pa siteshoni ya mabasi. Wokonza akamaliza, aonetseni pa foni yanu chithunzi chonse, ndi mawu ake, ndi mitengo yake, monga mmene chidzaonekere pakhoma. Akati masaya abwezedwe, abwezedwe. Mnyamata wokonzayo muuzeninso kuti chithunzicho n'cha ntchito imeneyi yokha, akamaliza afufute, chifukwa ena mwa anyamatawa amasunga nkhope zokongola n'kumaonetsera makasitomala ena luso lawo.

Nanga lero, madzi atatayika kale? Tsitsani chikwangwanicho musanapite kukapepesa, osati mutabwerako. Ngati munachiikanso pa Facebook, chotsani ndi pamenepo pomwe. Koma musawalonjeze alamu kuti chithunzi chafufutika dziko lonse, chifukwa amene anachijambulanso pa foni yake ali nacho, ndipo inu simungachifikire. Auzeni zoona zake, kuti munachiika pati ndi pati, ndipo mwachotsa pati. Popepesa musayambe ndi "koma munavomera." Mukangotero mwayambitsanso mlandu. Ndalama ya chikwangwani yapita, inde, ndipo ndikudziwa kuti kusindikiza sikutchipa. Safunsa anadya phula, amayi, koma phula lanu ndi la ndalama chabe. Mulembenso mutiuze ngati alamu abwera kudzalukitsa.

Tithamange ndi enawa.

"Ndinaika mutu wa mnzanga pa thupi la mbuzi timu yake italuza, gulu lonse la WhatsApp linaseka. Iye watuluka m'gulu." Mnyamata wa ku Matero.

Mphwanga, amene anaseka ndi gulu, mwini mutu sanaseke. Ulendo wina umutumizire yekha kaye, akaseka ndiye uponye. Pita ukamupepese, ndipo timu yakonso idzaluza.

"Sukulu ya mkaka yaika nkhope ya mwana wanga pa chikwangwani atamuveka chipewa cha omaliza maphunziro chimene sanavalepo. Akuti mwana anavomera." Bambo wa ku Kabwata.

Mwana wa ku mkaka amavomera chilichonse mukamuonetsa switi. Lamulo lija la 2021 limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Alembereni kalata kuti achotse, musunge kope yake.

"Tikufuna kusindikiza nkhope ya malemu amayi pa malaya a tsiku lovundukula mwala, ili m'mitambo, ili ndi mapiko." Atsikana a ku Chawama.

Pepani ndi imfa. Aonetseni bambo anu ndi amalume chithunzi chomalizidwacho musanasindikize, chifukwa si mpingo uliwonse umene ungalandire mapiko amenewo, ndipo pamanda si pokanganira.

Apa ndilalikireko pang'ono, poti makalata otere achuluka. Kale kuti usinthe chithunzi umayenera kupita ku situdiyo mutauni, kulipira, kudikira, ndipo podikirapo nzeru zimabwerera. Lero mwana wa sukulu amasuntha mutu wa munthu ali m'basi, asanafike ndi pa Kulima Tower pomwe. Chimene chimandidandaulitsa n'choti ndife anthu odziwa kupempha. Sitilowa m'nyumba ya mnzathu osaodira, mchere womwe timachita kugwada. Koma nkhope ya munthu timangotola ngati ilibe mwini, n'kumati "ndi nthabwala chabe," kapena "ndimamukongoletsa." Ndipo inu akuluakulu musaloze ana okha. Zikwangwani za misonkhano ya mapemphero, za zilimba, za malonda a salaula, zonsezi zadzaza nkhope za anthu amene anangodzipeza ali pa mtengo wa magetsi. Ena mwa okonza zikwangwanizi akundimvera pano, ndikukuonani.

Kalata iyi ndiiwerenga mosaseka.

"Munthu amene ndinasiyana naye waika nkhope yanga pa thupi la mkazi wosavala, akuti ndikapanda kumutumizira ndalama achifalitsa." Mtsikana amene sanafune kutchula komboni.

Mwanangu, iyi si nkhani ya kapemphedwe, ndi mlandu wa kupolisi. Usatumize ndalama, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Usafufute mauthenga ake ngakhale akukunyansa. Uwajambule onse, nambala yake ndi tsiku zikuoneka, upite nawo kupolisi ufunse ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo a ZICTA nawonso amalandira madandaulo a za pa foni ndi intaneti. Pita ndi munthu wamkulu amene umamukhulupirira. Manyazi ndi a iyeyo.

Womaliza ndi mnyamata wa ku Kanyama: "Ndinaika nkhope ya mtsikana amene ndimamufuna pa chithunzi cha ukwati, ine ndili pambali nditavala suti. Ndimutumizire?"

Ayi, mphwanga, ndipo pa Status usaike, ngakhale akuti zimachoka pakatha maola 24. Azakhali ake safuna maola 24, mphindi imodzi ikwana. Fufuta, ukamufunsire ngati munthu, suti yeniyeni idzabwera pambuyo. Wa makina akundikodola kuti nthawi yatha. Makalata a ku Garden ndi ku Mandevu tiyamba nawo sabata yamawa.